Dimba la Mpiru pa Tchuthi Chachitali: Mmene Ndinkapezera Ndalama Osataya Makope

Ophunzira a ku sekondale akamafunsa za njira yopezera ndalama pa tchuthi, ambiri amayamba ndi kufuna kudziwa geni imene ili ndi phindu lalikulu. Ine ndikuona kuti funso loyamba liyenera kukhala lakuti ntchitoyo imatha nthawi yanji tsiku lililonse, ndiponso ngati ingasiyidwe m'manja mwa munthu wina sukulu ikatsekulidwa. Ndinakulira kumtunda kwa Ntcheu, kufupi ndi msewu wa M1 pakati pa Mlangeni ndi Lizulu, ndipo ndinkaphunzira pa sekondale yoyendera. Pa tchuthi cha pakati pa Fomu 3 ndi Fomu 4, m'chaka cha 2019, ndinalima mpiru m'kagawo ka dimba la malume anga, ndipo ndalama zake zinandigulira makope, sopo, nsapato ndi nyali yowerengera. Ndifotokoza mmene ntchitoyo imayendera, chifukwa ndi imene ndikuidziwa bwino.

Kwathu kuno njira zopezera ndalama sizisowa. Anyamata ena amabwereka njinga n'kuyamba kabaza, ena amapita kukaumba njerwa, ena amapikula tomato ndi kachewere kwa alimi n'kukagulitsa kwa apaulendo pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano, ndipo atsikana ambiri amakazinga mandasi ndi zitumbuwa. Zonsezi zimabweretsa ndalama, koma vuto lake ndi limodzi, lakuti zimafuna tsiku lathunthu. Wogulitsa pamsewu sangachoke basi isanafike, ndipo basi ina ikadutsa amadikiranso ina mpaka dzuwa kulowa. Woumba njerwa amafika kunyumba msana utathyoka, moti akatsegula buku amangosinza. Wa mandasi amadzuka usiku kukanda ufa, kenaka n'kukhala pambali pa beseni mpaka litatha. Ngakhale lamulo la ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kulemba mwana wosakwana zaka 14, ndipo limaletsanso kupatsa wa zaka za pakati pa 14 ndi 18 ntchito yowononga thanzi kapena maphunziro ake. Dimba la masamba ndi losiyana ndi zonsezi chifukwa ntchito yake yaikulu ndi ya m'mawa, ndipo ukamaliza kuthirira, mbewu zimakula zokha iwe uli pa buku.

Komabe si mbewu iliyonse imene ingakwane pa tchuthi. Tchuthi chachitali chimayamba chakumapeto kwa Julaye n'kutha mu Sepitembala, ndiye kuti wophunzira ali ndi masabata 6 kapena kuposerapo pang'ono. Tomato, kabichi ndi kachewere zimafuna miyezi 3 kapena kuposerapo, ndipo tomato amafunanso kupopera mankhwala pafupipafupi, kuthenera ndi kuzika timitengo. Ukabzala zimenezi, nthawi yokolola idzakupeza uli m'kalasi, ndipo udzayamba kujomba kuti ukapulumutse ndalama zako. Mpiru ndi chayinizi zimakhala pa nazale masabata 3 kapena 4, ndipo zikawokeredwa umayamba kuthyola pakathanso masabata 3 kapena 4. Repu amachedwerapo pang'ono koma amakhalitsa, choncho ndi wabwino ngati pali munthu wodzapitiriza dimbalo.

Ukawerengera masabata amenewa, uona kuti munthu wofesa tsiku lotsekera sukulu adzayamba kuthyola sukulu ili pafupi kutsekulidwa. Nazale iyenera kufesedwa masabata 3 sukulu isanatsekedwe. Ine ndinafesa Loweruka lina kumayambiriro kwa Julaye, ndipo popeza inali nthawi ya mayeso a teremu yachitatu, ndinkangothirira kheni imodzi madzulo ndikaweruka, ntchito yosapitirira mphindi 10. Amene amaphunzira pa sukulu yogonera komweko akhoza kupempha mbale wawo kuti awafesere, kapena kugula mbande kwa alimi a m'madimba akangofika kumudzi, chifukwa alimi ambiri amatsala nazo akamaliza kuwokera.

Nazale yokha sifuna malo aakulu. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kapena iwiri m'litali ndi lokwanira. Umagaula nthaka, n'kuphwanya zibuma zonse, n'kusakaniza manyowa owolerana bwino, kenaka umalemba timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15 ndi kufesamo mbewu mozama pafupifupi sentimita imodzi. Pamwamba umaphimba ndi udzu wouma. Mbewu zimamera pasanathe sabata, ngakhale kuti kuzizira kwa kuno m'mwezi wa Julaye kumazichedwetsako, ndipo zikangotuluka udzuwo uyenera kuchotsedwa, apo ayi mbande zimatalika mowonda n'kumagwa. Chimene chimapha nazale kawirikawiri ndi kufesa mothithikana ndi kuthirira mopitirira muyeso. Chizindikiro chake ndi chakuti mbande zimada ndi kuwonda patsinde penipeni pamene zakhudza nthaka, kenaka zimagwa m'magulumagulu ngakhale masamba ake akadali obiriwira. Zikatero palibe chozidzutsa. Umangozula zodwalazo, kupatulira zotsala ndi kuchepetsa madzi.

Nkhani ya malo ndi imene ndikufuna kuti ophunzira ailingalire mofatsa, chifukwa ndi pamene pagona chitetezo cha maphunziro awo. Malume anga anandiloleza kulima mbali yonse ya kumunsi kwa dimba lawo, imene inkakwana mabedi oposa 20. Ndinawauza kuti ndikufuna mabedi 8 okha, ndipo iwo anadabwa. Anati, "Mphwanga, malo alipo, madzi alipo, n'chifukwa chiyani ukudzimana?" Ndinayankha kuti, "Malume, ndawerengera madzi amene ndingathe kutunga nthawi ya kadzutsa isanakwane." Kuwerengera kwake kunali kotere. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali limafuna makheni pafupifupi 3 a malita 10 pa tsiku nthawi ya chilimwe. Mabedi 8 ndi makheni 24, ndipo ngati chitsime chili m'dimba momwemo ndipo ukunyamula makheni awiri nthawi imodzi, ntchitoyo imatha m'ola limodzi kapena limodzi ndi theka. Mabedi 20 akanafuna makheni 60, ndiye kuti m'mawa wonse ukanathera pa madzi, osawerengera kupalira ndi kuthyola. Kukula kwa dimba la wophunzira kuyenera kuyezedwa ndi maola a kuthirira, osati ndi malo amene wapatsidwa.

Sabata yoyamba ya tchuthi ndi yokhayo imene inali yolemetsa. Ndinakonza mabedi olowa pansi pang'ono, okhala ndi kamzere ka dothi m'mphepete kuti madzi asathawe, popeza mabedi okwera ndi a nthawi ya dzinja. Bedi lililonse ndinathiramo ndowa ziwiri za manyowa a m'khola la mbuzi amene anali atakhalitsa, chifukwa manyowa aawisi amatentha mizu. Ndinakonzanso mpanda wa udzu ndi mapesi, ndipo ichi si chinthu chozengereza, chifukwa anthu akakolola chimanga ziweto zimatayiriridwa, ndipo mbuzi imodzi ikhoza kumaliza bedi lonse iwe uli kunyumba. Kuwokera ndinachita madzulo dzuwa litapendeka, nditayamba ndathirira nazale kuti mbande zizuke ndi dothi lake. Ndinasankha mbande za masamba 4 kapena 5, n'kuziika m'mizere 3 pa bedi, motalikirana masentimita 30. Mzere uliwonse unalowa mbande 16, bedi lililonse 48, ndipo dimba lonse linali ndi mbande zoposa 380 pang'ono. Zotsala pa nazale ndinazisunga sabata imodzi kuti ndipakize pamene zafa.

Pamene mbande zangowokeredwa zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, koma zikagwira, kuthirira kamodzi mokwanira kumaposa kuwaza pang'ono kawiri. Njira yodziwira ndi kulowetsa chala m'nthaka: ngati pansi pali pouma pamene pamwamba panyowa, ndiye kuti wangonyowetsa fumbi. Kuphimba mabedi ndi udzu wouma kunandithandiza kwambiri, chifukwa chinyezi chinkakhalitsa ndipo udzu womera unachepa, moti kupalira kunkangokhala kuzula apa ndi apo pothirira. Patatha masiku 10 chiwokerere ndinathira feteleza wa CAN, kachitsekero kamodzi ka botolo la zakumwa pa phando, motalikira ndi tsinde ngati zala zinayi, n'kukwirira ndi kuthirira nthawi yomweyo. Kuthira kamodzi kunadya makilogalamu pafupifupi 2, ndipo ndinabwerezanso nditathyola koyamba. Feteleza akakhudza tsinde kapena masamba amawaula, ndipo m'mphepete mwa masamba mumauma ngati mwapsa ndi moto.

Adani a mpiru amene ndinakumana nawo ndi awiri. Oyamba ndi mbozi zokhala m'nthaka zimene zimadula mbande usiku. M'mawa umapeza mbande yagona itadulidwa patsinde, ndipo ukafukula pang'ono pambali pake umaipeza mboziyo itadzipinda, n'kuipha ndi dzanja. Achiwiri ndi nsabwe za m'masamba, zimene zimachuluka kukayamba kufunda mu Ogasiti. Zimabisala kunsi kwa tsamba ndi kunsonga, ndipo masamba amakwinyika n'kumamata. Pothirira m'mawa ndi bwino kutembenuza masamba angapo pa bedi lililonse, chifukwa zikapezeka msanga madzi a sopo owaza kunsi kwa masamba amazichepetsa. Zikachuluka pamafunika mankhwala ogula, ndipo apa ndikupempha ophunzira anzanga kuti asamwazemwaze okha. Funsani mlangizi wa zaulimi kapena mlimi wamkulu, werengani masiku odikira amene alembedwa pa botolo, ndipo musathyole masikuwo asanakwane. Ndiwo zimenezo zikadyedwa ndi ana a anthu, ndipo ndalama ya sabata imodzi si chifukwa chowadwalitsira.

Kuthyola kunayamba chapakati pa Ogasiti. Umathyola masamba akunsi amene akula, awiri kapena atatu pa phando, n'kusiya atatu kapena anayi a kunsonga kuti mbewu ipitirize kukula. Ukathyola mopitirira chifukwa chofuna ndalama zambiri lero, sabata yamawa masamba amatuluka aang'ono. Ndinagawa dimba pawiri, mabedi 4 Lachiwiri ndi mabedi 4 Lachisanu, kuti bedi lililonse lipume sabata yathunthu ndiponso kuti ntchito isaunjikane tsiku limodzi. Pa sabata yabwino ndinkapeza mipukutu pafupifupi 140 ya masamba 8.

Apa ndi pamene ndinasankha chinthu chimene anzanga ena sanagwirizane nacho. Mpukutu umodzi pamsika unkagulitsidwa K50, ndiye kuti ndikanapita ndekha kukakhala pamsika ndikanatha kupeza K7,000 pa sabata, ngati yonse ikanagulidwa. Ine ndinasankha kupikulitsa kwa amayi awiri ogulitsa ndiwo amene ankabwera kudimba komweko m'mawa, pa mtengo wa mipukutu 3 pa K100, zimene zinkandipatsa ndalama zosafika K5,000. Kusiyana kwake kunali koposa K2,000 pa sabata, ndipo kwa wophunzira imeneyo si ndalama yochepa. Koma kuti ndiipeze ndikanataya masiku awiri athunthu sabata iliyonse, kulipira chiphaso cha msika, ndi kubwerera ndi mipukutu yofota imene palibe angaigule mawa lake. Ndinkaona ndalama imene ndinkaisiyayo ngati malipiro a maola anga owerengera, ndipo mpaka lero ndikuona kuti unali mtengo woyenera. Chimene sindinalole ndi ngongole. Mayi wina atandiuza kuti, "Mwanawe, nditenge ndidzakupatsa ndikagulitsa," ndinayankha mwaulemu kuti, "Amayi, tengani mipukutu yokwana ndalama imene muli nayo, yotsalayo mudzaipeza Lachisanu." Wophunzira akayamba kukongoza, masana ake amathera kuyenda m'makomo kulonjerera ndalama, ndipo kwa mwana n'kovuta kuumiriza munthu wamkulu.

Zonse ndinkalemba kumapeto kwa kope langa la phunziro la zaulimi. Mbewu ndinagula K1,000, feteleza wa makilogalamu 4 wogula moyeza pamsika K2,000, ndipo mankhwala a nsabwe, amene tinagawana botolo ndi malume, K1,500. Makheni ndi khasu ndinabwereka, manyowa anali a pakhomo. Mpamba wonse unali K4,500, umene amayi anandikongoza atagulitsa nkhuku. Pofika sabata yotsekulira sukulu ndinali nditagulitsa ndiwo za K19,000, ndipo nditabweza mpamba ndinatsala ndi K14,500. Mitengo imeneyi ndi ya 2019, ndipo kwacha yagwa kwambiri kuchokera nthawi imeneyo, makamaka mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023, choncho musaitenge monga mmene ilili. Chofunika ndi kufunsa mitengo ya lero ya mbewu, feteleza ndi mpukutu wopikulitsa musanafese, n'kuona ngati zogulitsa zingapose mpamba katatu kapena kanayi. Ngati sizikufika pamenepo, onjezerani manyowa ndi kuchepetsa feteleza wogula. Kulemba kumeneku kunandithandizanso m'kalasi, chifukwa pamene tinkaphunzira za kusunga malekodi a pamunda ndi kuwerengera phindu, ndinali ndi chitsanzo changa chenicheni.

Tsiku langa linkayenda motere. Ndinkafika kudimba kukangocha, ndipo pofika 8 koloko ndinali nditabwerera, kupatula masiku othyola pamene ndinkachedwa ndi ola limodzi. Ndikasamba ndi kudya, ndinkawerenga kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko. Ndinasankha nthawi imeneyi dala, chifukwa kunyumba kunalibe magetsi ndipo kuwerenga kwa usiku munthu atagwira ntchito sikulowa m'mutu. Maphunziro ovuta monga masamu ndi fizikisi ndinkawaika m'mawa, ndipo madzulo ndinkangowerenga mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Ndinafotokozera amayi za maola atatu amenewa kuti asanditume kuchigayo kapena kukatola nkhuni, ndipo ndinalonjeza kugwira ntchito za pakhomo masana. Kukambirana kumeneku n'kofunika, chifukwa makolo akaona mwana ali pakhomo pa tchuthi amaona ngati alibe chochita, pokhapokha atauzidwa.

Munthu sangadziwe ngati maphunziro ake akuwonongeka pongodzimva mumtima, chifukwa ndalama ikamalowa zonse zimaoneka ngati zili bwino. Ine muyeso wanga unali mapepala a mayeso akale a MANEB amene ndinabwereka kwa amene analemba MSCE chaka chimenecho. Loweruka lililonse ndinkalemba pepala limodzi motsatira nthawi yake yeniyeni, ndipo mnzanga wa m'kalasi ankandichongera, inenso n'kumuchongera lake. Ngati malikisi akutsika masabata awiri otsatizana, kapena ngati wayamba kusinza buku lili m'manja m'mawa, kapena ngati padutsa masiku awiri osatsegula kope chifukwa cha dimba, ndiye kuti ntchito yakula kuposa mwini wake. Chochita pamenepo si kudzikakamiza kuwerenga usiku, koma kupereka mabedi awiri kapena atatu kwa mbale wako. Ndinaona mnzathu wina wanzeru kwambiri amene anayamba kupikula tomato pa tchuthi chomwecho. Ankapeza ndalama zoposa zanga, koma sukulu itatsekulidwa mpamba wake unali udakali m'madengu, ndipo ankajomba tsiku la msika uliwonse kuti asaluze. Geni yake inalibe polekezera, ndipo pofika teremu yachiwiri anali atatsalira kwambiri.

Dimba la mpiru lili ndi malire ake amene ndiyenera kuwanena. Limafuna madzi apafupi, ndipo ngati chitsime chili kutali moti ulendo umodzi ukudya mphindi zambiri, kuwerengera konse kwa maola kumasokonekera. Pamene alimi ambiri athyola nthawi imodzi mtengo umagwa, ndipo opikula amasankha masamba aakulu okhaokha. Kukayamba kutentha mu Sepitembala mpiru umathamangira kuchita maluwa, makamaka ukasowa madzi, ndipo ukaona tsinde likutalika pakati ndi masamba akuchepa, dziwa kuti kuthyola kwatsala pang'ono kutha. Njira imeneyi sikwananso pa tchuthi cha Disembala kapena cha Pasaka, chimene chimakhala cha masabata awiri kapena atatu. Pa tchuthi zazifupizo ndinkaphunzitsa masamu ana anayi a Sitandade 8 a m'mudzi mwathu, ola limodzi masana, makolo awo n'kumandipatsa kangachepe pa sabata, ntchito imene sifuna mpamba ndipo imatha ola lake likakwana.

Kusiya dimba kuyenera kukonzedwa lisanayambe n'komwe. Ine ndinagwirizana ndi mng'ono wanga ndi amayi kuyambira pa nazale kuti sukulu ikatsekulidwa mabedi onse adzakhala awo, pamodzi ndi ndalama zimene zidzatulukemo. M'sabata yomaliza ndinkapita naye mng'ono wangayo kuti aone kathyoledwe ndi kuti amayi opikula aja amuzolowere. Mpiru unathyoledwanso masabata angapo usanachite maluwa, ndipo amayi anasiya mapando ena kuti akhwimitse mbewu ya chaka chotsatira. Pa K14,500 ija ndinagula makope, zolembera, sopo, nsapato za kaunjika ndi nyali ya sola tsiku limodzi sukulu isanatsekulidwe, kuti ndalama isamwazike pang'onopang'ono pa maunitsi ndi tchipisi. Zotsala, pafupifupi K4,000, ndinasungitsa kwa amayi, ndipo ndinkatengako Lolemba lililonse ndalama yokwana sabata imeneyo basi.